Ndodo ya kopa, 100 mbali ino, 20 mbali inayo: kulekanitsa x ndi t kukundikanika

Nthambi: Moni nonse. Ndithandizeni, funso ili ndalimbana nalo masiku awiri. Ndodo ya kopa yaitali mita imodzi, yokutidwa m'mbali monse kuti kutentha kusatulukire m'mbali. Poyamba ndodo yonse ili pa madigiri 20. Kenaka nsonga ya kumanzere aikweza kufika pa 100 n'kuisunga pomwepo, ya kumanja aisunga pa 20. Ikweshoni ndi `u_t = k u_xx`, pomwe `u` ndi kutentha pa malo `x` ndi nthawi `t`, ndipo atipatsa `k = 1.1 × 10^-4 m²/s`. Akufuna kutentha kwa pakati pa ndodo patatha mphindi khumi.

Ndinayamba monga tinaphunzirira: `u = X(x) T(t)`, ndipo ndinafika pa `T'/(kT) = X''/X = -λ`. Mpaka apo palibe vuto. Koma ndikaika za kumanzere ndikupeza `X(0) T(t) = 100`. M'kalasi nthawi zonse pamenepa pankakhala ziro, ife n'kunena kuti `X(0) = 0`. Tsopano 100 ameneyu ndimutani?

Kadzidzi: Zosavuta zimenezo achemwali. Chotsani 20 paliponse. Lembani `w = u - 20`, ndiye kuti nsonga zakhala ziro, mupitirize monga mwa masiku onse. Pomaliza mubwezere 20 wanu.

Nthambi: Ndinayesa zimenezo achimwene. Ya kumanja ikukhaladi ziro, koma ya kumanzere ikukhala 80. Vuto ndi lomwe lija, langosintha nambala.

Kadzidzi: Aaa, ndawerenga mothamanga, ndimayesa nsonga zonse zili pa 20. Pepani.

Chiphaliwali: Ife funso ngati ili tinalichita ndi `cos`. Yankho linali `a_0` kuphatikiza zigawo za `cos(nπx/L)`, `L` kukhala utali wa ndodo, ndipo `a_0` ndiye amene amanyamula nambala yosakhala ziro ija. Yesani zimenezo. Mwanena nokha kuti ndodo ndi yokutidwa.

Agogo_a_Masamu: A Chiphaliwali, lanulo linali funso lina. `cos` amabwera pamene nsonga zenizenizo ndizo zakutidwa, kutentha sikulowa kapena kutuluka kumapeto, ndipo lamulo lake limakhala `u_x = 0`. Ndodo ya a Nthambi yakutidwa m'mbali mokha. Nsonga zake ndi zotsegula, kutentha kukulowa ku imodzi n'kumatuluka ku inayo. Mukaika `cos` apa mupeza ndodo yomwe pamapeto pake ili ndi kutentha kofanana paliponse, pamene tikudziwa kuti mbali ina ili pa 100 ndipo ina pa 20.

A Nthambi, mwakakamira pamalo oyenera kukakamirapo, ndipo ndi bwino kuti simunalumphe. Yang'anani `X(0) T(t) = 100`. `X(0)` ndi nambala imodzi, siyenda ndi nthawi. Kuti mukachulukitsa ziwirizi muzipeza 100 nthawi zonse, `T(t)` nayenso ayenera kukhala nambala yosasintha. `T` akakhala wosasintha, `T'` ndi ziro, ndiye `λ` ndi ziro, ndiye `X'' = 0`. Mwatsala ndi mzere wowongoka basi, wopanda nthawi m'kati mwake.

Palinso chifukwa chachiwiri, chomwe kwa ine ndicho chachikulu. Mphamvu ya njira imeneyi ili pa kuphatikiza: timapeza mayankho ang'onoang'ono ambiri n'kuwawonkhetsa kuti agwirizane ndi mmene ndodo inalili poyamba. Ziro kuphatikiza ziro ndi ziro, n'chifukwa chake zimayenda bwino nsonga zikakhala pa ziro. Koma mukakhala ndi mayankho awiri, lililonse lopereka 100 kumanzere, mukawaphatikiza kumanzere kukhala 200. Kuphatikiza kwaswa lamulo la kunsonga.

Maganizo a a Kadzidzi sanali kutali. Kuchotsa n'koyenera ndithu, koma chochotsacho si nambala imodzi. Ndikufunseni ichi musanalembe china chilichonse: mukaisiya ndodoyi tsiku lathunthu, nsonga zili pa 100 ndi 20 chomwecho, kutentha kudzakhala kotani m'litali mwake?

Nthambi: Kudzasiya kusintha, ndiye `u_t = 0`, ndiye `u_xx = 0`. Mzere wowongoka kuchokera pa 100 kutsika mpaka 20. `v(x) = 100 - 80x`. Pakati padzakhala 60. Kodi si mzere womwe uja mwaupeza pa `λ = 0`?

Agogo_a_Masamu: Ndi womwewo. Anthu amati kulekanitsa kwalephera, koma kunena zoona kwakupatsani chinthu chimodzi chomwe kukanatha kukupatsani, kutentha kokhazikika. M'mafunso a nsonga za ziro timataya `λ = 0` chifukwa amapereka ziro paliponse. Kuno sitimutaya, ndiye msana wa yankho lonse.

Tsopano lembani `w = u - v`. Popeza `v_t = 0` ndi `v_xx = 0`, `w` akutsata ikweshoni yomwe ija, `w_t = k w_xx`, ndipo nsonga zake zonse zili pa ziro. Pa `w` ameneyu ndiye mulekanitse. Yesani, mubwere nazo.

Nthambi: Ndachita. `X'' + λX = 0`, `X(0) = X(1) = 0`, zandipatsa `X = sin(nπx)` ndi `λ = n²π²`. `T = exp(-k n²π² t)`. Makoefishenti: `b_n = 2∫ 20 sin(nπx) dx` kuchokera 0 mpaka 1, zikupereka `80/(nπ)` pa n = 1, 3, 5 ndi ena otero, ndi ziro pa n = 2, 4, 6. Pa masekondi 600 pakati pa ndodo ndikupeza pafupifupi madigiri 73. Zili bwino?

Wowotcherera: Ine masamu anu a zilembo sindiwadziwa, ntchito yanga ndi kuwotcherera zitsulo. Koma 73 ameneyo akundidabwitsa. Mwanena nokha kuti mukaisiya tsiku lonse pakati padzafika 60. Chitsulo chinayamba chozizira pa 20. Chingadutse bwanji 60 kufika 73 kenaka n'kubwerera? Moto wowonjezerawo wachokera kuti?

Kadzidzi: Bambo awa agwira mfundo. Ine ndikuganiza kuti ndi kalikuleta. Onani ngati ili pa maradiyani, chifukwa ambiri timagwa pamenepo.

Nthambi: Ili pa maradiyani, ndaonanso kawiri. Komanso pakati `sin(π/2)` ndi 1, sindinafune n'komwe kalikuleta.

Agogo_a_Masamu: Kalikuleta ilibe mlandu. A Wowotcherera, funso lanulo ndi labwino kuposa kuwerengera konse kwachitika lero.

A Nthambi, ikani `t = 0` m'yankho lanu, pakati pa ndodo. Zigawo za `sin` munazikonza kuti zipereke 20, ndipo `v` akupereka 60. Pamodzi ndi 80. Ndiye mwayankha funso la ndodo imene inayamba ndi 80 pakati n'kumazizira kupita ku 60. Si ndodo yanu imeneyo.

Cholakwa chili pa 20 amene mwamuika mu intigiro. 20 ndi poyambira pa `u`. Inu mukufuna poyambira pa `w`, ndipo `w = u - v` ngakhale pa `t = 0`. Munachotsa mzere uja kunsonga koma munaiwala kuuchotsa poyambira. Zaka zonse zimene ndinkachonga mapepala a ophunzira, cholakwa chimene ndinkachiona kwambiri pa mutu uno chinali chimenechi, ndipo chimapweteka chifukwa zina zonse zimakhala zolondola, ngakhale yankho la patapita nthawi yaitali limatuluka bwinobwino.

Nthambi: Mayo ine. Ndiye `w(x,0) = 20 - (100 - 80x) = -80(1 - x)`. Ndibwerezanso intigiro.

`b_n = -160 ∫ (1 - x) sin(nπx) dx`. Ndagawa pawiri monga timachitira pakakhala kuchulukitsa: chigawo choyamba ndi `-(1 - x) cos(nπx)/(nπ)`, chomwe pa 1 ndi ziro ndipo pa 0 chikusiya `1/(nπ)`. Chotsalacho ndi intigiro ya `cos(nπx)` kuchokera 0 mpaka 1, yomwe ndi ziro. Ndiye `b_n = -160/(nπ)`, pa n aliyense, osati 1, 3, 5 okha ayi.

`u(x,t) = 100 - 80x - (160/π) Σ (1/n) sin(nπx) exp(-k n²π² t)`

`kπ²` ndi pafupifupi 0.001086. Pa masekondi 600 zikupereka 0.651, ndipo `exp(-0.651)` ndi 0.521. `160/π` ndi 50.93. Chigawo choyamba ndi 26.55, ndiye 60 kuchotsa 26.55 ndi 33.45. Cha n = 2 ndi ziro pakati chifukwa `sin(π) = 0`. Cha n = 3 chikubweza 0.05 chabe. Yankho ndi pafupifupi madigiri 33.5.

Wowotcherera: Amenewo ndiye ndikuwamva. Chachoka pa 20, chikukwera, sichinafike pomwe chikupita.

Agogo_a_Masamu: 33.5 ndi wolondola. Onaninso kuti chizindikiro cha `b_n` chikunena zoona zake: ndi chochotsa, chifukwa ndodo inayamba ili pansi pa mzere umene ikupitako. Mukanaona zimenezi poyamba paja, 80/(nπ) wophatikiza uja akanakuchenjezani.

Kadzidzi: Ndiye apa phunziro n'lakuti chigawo choyamba chimakwanira. Zinazo ndi zokongoletsa. 0.05 angasinthe chiyani? Ine pa mayeso ndimangotenga n = 1 basi.

Mlonda_wa_usiku: Ndimangowerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhulepo. A Kadzidzi, yesani njira yanuyo pa mphindi imodzi m'malo mwa khumi. Ndailemba mu Python:

```python
from math import sin, exp, pi
k, x, t = 1.1e-4, 0.5, 60
u = 100 - 80*x
for n in range(1, 10):
    u -= 160/(n*pi) * sin(n*pi*x) * exp(-k*(n*pi)**2 * t)
    if n % 2:
        print(n, round(u, 2))
```

Zotuluka: n = 1 ikupereka 12.28, mukawonjezera n = 3 ndi 21.73, n = 5 ndi 19.73, n = 7 ndi 20.03, n = 9 ndi 20.00. Chigawo choyamba chokha chikunena kuti mwaotcha nsonga ya ndodo ndipo pakati pazizira kufika 12. Palibe chilichonse m'funsoli chozizira kuposa 20.

Kadzidzi: Haa, chabwino. Koma pa mphindi khumi ndinali wolondola.

Agogo_a_Masamu: Munali wolondola pa mphindi khumi, inde, ndipo ndi bwino kudziwa chifukwa chake kuti musamadalire mwayi. Chinsinsi chili pa `n²`. Tengani nambala iyi: `τ = L²/(kπ²)`. Pa ndodo iyi ndi masekondi pafupifupi 920, mphindi 15 ndi pang'ono. Imeneyi ndi nthawi imene chigawo choyamba chimatenga kuti chichepe kufika pa 0.37 ya mmene chinalili. Chigawo chachiwiri chimafota mofulumira kanayi, chachitatu kasanu n'kanayi, chachisanu ka 25.

Ndipo zimamveka ngakhale popanda zilembo. `sin(πx)` ndi linunda limodzi lalikulu, kutentha kuyenera kuyenda ulendo wautali kuti kulisalaze. `sin(5πx)` ndi timapiri ndi tizigwa tapafupipafupi, malo otentha ali moyandikana ndi ozizira, ndiye amasalazana msanga. Nthawi ikamapita, tizigawo tokwinyikakwinyika timafa kaye, n'kutsala linunda lalikulu lokha.

Ndiye musanasankhe kuchuluka kwa zigawo, yerekezani `t` ndi `τ`. Masekondi 600 pa 920 ndi gawo lalikulu, chimodzi chikwanira. Masekondi 60 pa 920 ndi kachinthu kochepa, zina zonse zikadali zamoyo, ndiye mufunika zisanu kapena kuposerapo. Mukapita ku sekondi imodzi, makamaka pafupi ndi nsonga yotentha, mufunika zigawo makumi angapo.

Nthambi: Ndiye ndikafuna kudziwa kuti pakati padzafika liti pafupi ndi 60, ndingagwiritse chigawo choyamba chokha? Tinene kuti kutsale digiri imodzi: `50.93 exp(-t/τ) = 1`, `t = τ ln(50.93)`, ndiye 920 kuchulukitsa 3.93, pafupifupi masekondi 3600. Ola limodzi.

Agogo_a_Masamu: Ndendende. Pamenepo zigawo zinazo zinafa kalekale.

Wowotcherera: Ndifunseko zanga. Ola lathunthu pa kopa? Ine ndikagwira kachidutswa ka kopa n'kuotcha mbali ina, chala chimapsa pasanathe mphindi. Ndipo chitsulo wamba ndimatha kuchigwira nthawi yaitali mbali ina ili yofiira. Masamu anuwa akugwirizana bwanji ndi zimenezi?

Mlonda_wa_usiku: Kutalika kwake bambo. Mu `τ` muli `L²`, osati `L`. Mukadula ndodo pakati, nthawi siichepa kawiri koma kanayi, 920 akhala 230. Kachidutswa ka masentimita 10 ndi kochepa kakhumi, ndiye nthawi ichepa ka 100, masekondi 9 okha. Komanso moto wanu suli pa madigiri 100, ndi wotentha kwambiri kuposa pamenepo, ndiye ngakhale kagawo kochepa kakafika ku chala kakwanira kukuotchani. Pa chitsulo wamba `k` ndi wochepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi wa kopa, ndiye zonse zimachedwa kakhumi.

Wowotcherera: Za kudula pakati n'kuchepa kanayi sindinkazidziwa, koma manja anga akuvomereza. Koma china sindikuvomereza. Mukuti pomaliza kutentha kumatsika mofanana ngati mzere. Ine ndikasiya chitsulo chachitali nsonga ili pamoto, ngakhale nthawi yaitali bwanji, pafupi ndi moto pamatentha koopsa koma mukangosunthira pang'ono kwazizira kale. Si mzere umenewo.

Agogo_a_Masamu: Simukulakwa, ndipo masamu nawonso sakulakwa. Chitsulo chanu chili pamtetete, chikutaya kutentha m'mbali monse kupita mumpweya. Ndodo ya m'funsoli yakutidwa. Komanso nsonga yanu ya kutali palibe akuisunga pa nambala iliyonse, imangotsata zomwe zikuchitika. Mawu akuti nsonga ikusungidwa pa 20 ndi olemera: akutanthauza kuti pali chinthu chachikulu, monga madzi oyenda, chomwe chikulanda kutentha konse kofika pamenepo osatopa. Pa kopa wokhuthala sikweya sentimita imodzi, kutsika kwa madigiri 80 pa mita kumayendetsa pafupifupi mawati 3 mosalekeza. Kukhazikika sikutanthauza kuti kutentha kwaima, koma kuti kolowa ndi kotuluka kwafanana.

Kutaya kwa m'mbali kukamayenda molingana ndi kusiyana kwa kutentha kwa ndodo ndi kwa mpweya, ikweshoni imakhala `u_t = k u_xx - h(u - 20)`, titatenga mpweya kukhala pa 20. Njira ndi yomweyi: pezani kaye chokhazikika, chichotseni, lekanitsani chotsalacho. Kusiyana n'kwakuti chokhazikikacho sichikhalanso mzere, chimakhala `20 + 80 sinh(m(L - x))/sinh(mL)`, pomwe `m² = h/k`. Chimenechi ndi chopindika, chimagwa msanga pafupi ndi moto kenaka n'kugona, monga mwafotokozera. Mwachitsanzo `mL` atakhala 2, pakati pangakhazikike pa 46 m'malo mwa 60. Koma chitsulo chikafiira chimataya kutentha kwambiri mwa kuwala, ndipo pamenepo ikweshoni simalolanso kuphatikiza mayankho, njira yathuyi imathera pomwepo.

Chiphaliwali: Ndabweranso. Ndavomera za `cos`. Koma ndili ndi funso pa zomwe a Nthambi analumpha. Anangonena kuti `X = sin(nπx)`. Bwanji `λ` sangakhale wochepera ziro? Aphunzitsi athu ankachotsa malikisi tikapanda kuonetsa.

Nthambi: Ndinazichita papepala, sindinalembe muno. `λ` akakhala wochepera ziro, `X = A cosh(μx) + B sinh(μx)`. Pa 0 zikukakamiza `A = 0`, ndipo `sinh` sabwereranso ku ziro akangonyamuka, ndiye `B = 0`. `λ` akakhala ziro, mzere wodutsa ziro mbali zonse ndi ziro. Watsala `sin`, yekhayo amene amatha kunyamuka pa ziro n'kubwereranso pa ziro.

Kadzidzi: Komanso `λ` wochepera ziro angapereke `T` womakula mpaka kalekale. Ndodo yodzitenthetsa yokha. Ine ndimangolemba zimenezo n'kupitirira.

Agogo_a_Masamu: Monga chenjezo la m'mutu n'zabwino a Kadzidzi, koma papepala lembani za a Nthambi. Zawozo zikuchokera ku malamulo a kunsonga, ndipo ndi malamulo amenewo amene amasankha `λ`. Mukazolowera kulumpha, tsiku lomwe malamulo a kunsonga adzasinthe mudzataya chigawo chofunika, monga mmene anthu amatayira `λ = 0` pa ndodo ya a Chiphaliwali ya nsonga zokutidwa.

Mlonda_wa_usiku: Pali china chomwe ndachipeza ndikuseweretsa pulogalamu ija. Ndaika `t = 0` kuti ndione ngati ibweza 20 paliponse. Pakati ikuyandikira 20 pang'onopang'ono. Koma pafupi ndi nsonga ya kumanzere girafu ikuchoka pa 100, kugwa mpaka pafupifupi 6, kenaka n'kumagwedezeka mozungulira 20. Ndaonjezera zigawo kuchoka 50 kufika 500, dzenjelo langosunthira kufupi ndi nsonga n'kuchepa m'lifupi, koma kuya kwake sikunasinthe. Kodi ndalakwitsa penapake?

Agogo_a_Masamu: Simunalakwitse. Zimenezo zimadziwika ndi dzina la Gibbs, ndipo zimachitika paliponse pamene mukufuna kumanga kulumpha pogwiritsa ntchito zigawo zosalala. Funsoli lili ndi mkangano pakona: lamulo la poyambira likuti pa `x = 0` pali 20, lamulo la kunsonga likuti pali 100. Zigawo za `sin` zonse ndi ziro pa `x = 0`, koma tikuzipempha kuti zipereke -80 pafupi pomwepo. Ku mbali ya `sin`, kulumphako ndi kuchoka pa 80 kufika pa -80, ndiye 160, ndipo kupyola kwake kumakhala pafupifupi 9 pa 100 aliwonse a kulumphako. Zimenezo ndi madigiri 14. 20 kuchotsa 14 ndi 6 wanu uja.

Chosangalatsa n'chakuti `t` akangokwera pang'ono kuchoka pa ziro, `exp(-k n²π² t)` amapha zigawo zakutali zija, ndipo mukatenga zigawo zokwanira dzenjelo silioneka.

Kukayikira kwanu kuli ndi mbiri. Fourier atapereka ntchito yake ya kutentha ku Paris mu 1807, akatswiri ena, pakati pawo Lagrange, sanakhutire ndi mfundo yoti zigawo zosalala za `sin` ndi `cos` zingaimire chinthu chilichonse, ngakhale chokhala ndi makona ndi kulumpha. Buku lake linadzatuluka mu 1822.

Nthambi: Zikomo kwambiri agogo. Koma pali chimodzi chomwe chikundisowetsa mtendere tsopano. Pa masekondi 60 tapeza 20.00 pakati. Kodi ndi 20 weniweni, kutanthauza kuti kutentha sikunafike, kapena ndi 20 ndi kanthu?

Mlonda_wa_usiku: Ndi kanthu. Ndikaonjezera zigawo ndi manambala a pambuyo pa dontho ndikupeza pafupifupi 20.001.

Nthambi: Nanga pa sekondi imodzi?

Agogo_a_Masamu: Malinga ndi ikweshoni, ndi 20 ndi kanthu kakang'ono kwambiri, kochepa moti kompyuta ya a Mlonda siingakaone, koma kosakhala ziro. Pa nthawi iliyonse yoposa ziro, malo aliwonse m'kati mwa ndodo amakhala atamva kale.

Kadzidzi: Ndiye ikweshoniyo ndi yabodza. Palibe chimene chimayenda mofulumira kuposa kuwala. Tikuvutikiranji ndi ikweshoni yomwe tikudziwa kuti ikunama?

Mlonda_wa_usiku: Kunama kwa nambala yomwe ili ndi maziro mazanamazana pambuyo pa dontho? Palibe chipangizo chingayeze zimenezo. Komanso bodza linayambira m'funso: palibe amene angakweze nsonga kuchoka pa 20 kufika pa 100 m'kanthawi ka ziro.

Kadzidzi: Ayi, musazembe. Ngakhale mutaikweza pang'onopang'ono, ikweshoni inenabe kuti mbali inayo yamva nthawi yomweyo. Si choncho agogo?

Agogo_a_Masamu: Apa a Kadzidzi akunena zoona, kukweza pang'onopang'ono sikuchotsa zimenezi. Zimachokera ku lamulo la Fourier lenilenilo, loti kutentha kumayenda nthawi yomweyo pamene pali kusiyana, popanda kuchedwa kulikonse. Pa ndodo ya mita ndi nthawi ya masekondi, lamuloli limagwirizana bwino ndi zoyezedwa. Pa utali waung'ono zedi ndi nthawi yaifupi zedi, anthu amagwiritsa ntchito maikweshoni ena. Mawu oti bodza ine sindingawagwiritse, ndingati ikweshoni ili ndi malire ake.

Kadzidzi: Malire kapena bodza, ine sindinakhutire, koma tisiye pomwepo.

Chiphaliwali: Popeza mwatchula za kukweza pang'onopang'ono: nsonga ya kumanzere itamakwera ndi nthawi, tinene `20 + t/10`, kodi tingangolemba mzere woyenda ndi nthawi n'kuuchotsa chimodzimodzi?

Nthambi: Ndayesa pompano. `v = 20 + (t/10)(1 - x)`. Nsonga za `w` zikukhala ziro, `v_xx` ndi ziro, koma `v_t` si ziro. Ndikupeza `w_t = k w_xx - (1 - x)/10`. Ndikaika `X T` mmenemu sizikulekana, kachigawo komalizako kakutsekereza.

Agogo_a_Masamu: Sizilekana, inde. Koma musataye `sin(nπx)` wanu. `(1 - x)` mwamuphwanya kale lero, mukudziwa kuti makoefishenti ake ndi `2/(nπ)`. Lembani `w = Σ b_n(t) sin(nπx)`, mulole `b_n` aziyenda ndi nthawi mmene akufunira, muone ikweshoni imene aliyense wa iwo akutsata. Maso anga atopa, ndidzaona mawa zomwe mwapeza.

Nthambi: Ndikuganiza kuti ndi `b_n' = -k n²π² b_n - 1/(5nπ)`, ndipo `b_n(0) = 0` chifukwa poyamba `u` ndi `v` onse ali pa 20. Ulendo uno ndakumbukira kuchotsa `v` poyambira. A Mlonda, mungaiyese pa kompyuta yanu ija pa masekondi 600?